Kupempha Zithunzi ndi Timavidiyo kwa Ongodzipereka: Kabuku ka Mlembi ndi Komiti

Bungwe likamayandikira tsiku lokumbukira zaka zomwe lakhala likugwira ntchito, komiti imakonda kugwirizana zoti pakhale kanema woonetsa komwe linachokera. Vuto ndi lakuti zithunzi zambiri sizikhala ku ofesi. Zili m'mafoni a anthu ongodzipereka, pa memore khadi yomwe inaikidwa m'kabati, ndiponso m'maalubamu a m'nyumba. Mlembi ndiye amapatsidwa ntchito yozipempha, ndipo kawirikawiri amalemba mawu awa pa gulu la WhatsApp: "Amene muli ndi zithunzi zilizonse za bungwe lathu tumizani."

Uthenga woterowo subala kanthu kabwino. Ambiri amakhala chete, chifukwa sakudziwa ngati chithunzi chawo ndi choyenera. Awiri kapena atatu amakhuthula zithunzi mazana, zambiri zofanana, zina za ukwati wa mphwawo. Zomwe zafikazo zimakhala zosaoneka bwino zikaikidwa pakhoma ndi purojekita, ndipo palibe yemwe akudziwa chaka chomwe zinajambulidwa. Cholakwa si cha anthuwo. Uthenga sunawauze chinthu chomwe chikufunika, kuchuluka kwake, njira yotumizira, ndi tsiku lomaliza.

M'kabukuka titsata chitsanzo chimodzi: komiti ya sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi, yomwe inayamba mu 2015 ndipo ikukonza chikondwerero cha zaka 10. Ili ndi alezi ndi ongodzipereka ena 30, akale ndi atsopano. Manambala ndi achitsanzo chabe, inu muikepo anu.

Yambani ndi kuwerengetsa, uthenga pambuyo

Musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, khalani pansi ndi munthu amene adzalumikize kanemayo, mugwirizane kutalika kwake. Pa chikondwerero pamakhala zolankhula za amfumu, magule ndi chakudya, choncho kanema wa mphindi 6 ndi wokwana. Mphindi 6 ndi masekondi 360. Chotsanipo masekondi 40 a chiyambi ndi mathero, pomwe pamalembedwa dzina la bungwe ndi mayina othokoza. Ngati anthu 8 alankhula masekondi 20 aliyense, apita masekondi 160. Atsala 160. Chithunzi chimodzi chimafuna masekondi 4 kuti munthu achione n'kuzindikira nkhope, ndiye kuti malo alipo a zithunzi 40 zokha.

Nambala imeneyi ndiyo ikuuzeni chopempha. Anthu 30 akatumiza zithunzi zitatu aliyense, mukhala ndi 90, zoposa kawiri zomwe mukufuna, ndipo mudzatha kusankha. Sikuti onse adzatumiza, koma ngakhale atatumiza theka, zithunzi 45 zikukwanirani. N'chifukwa chake uthenga uzinena kuti "zitatu", osati "zilizonse". Kuika malire kumathandizanso wotumiza: amasankha yekha zomwe akuzikonda, ndipo bandulo yake siyitha.

Kenako lembani mitu ya zomwe kanemayo adzaonetse, monga mwa mbiri ya sukuluyo: ana akuphunzira pansi pa mtengo, kuumba ndi kuwotcha njerwa, kufolera, munda wa chimanga ndi soya wa phala, alezi akuphika, ana otsazika kupita ku Sitandade 1. Mituyi ilowe mu uthenga. Munthu ukamuuza kuti "chithunzi cha nthawi youmba njerwa" amakumbukira kuti ali nacho, pomwe mawu akuti "mbiri ya bungwe" samukumbutsa kanthu. Mukapanda kutchula ntchito, mudzalandira zithunzi za anthu ataima pamzere atavala yunifolomu, chifukwa ambiri amaganiza kuti chithunzi choyenera ndi chimenecho. Kanema wodzaza ndi mizere ya anthu oima amatopetsa pa mphindi yachiwiri.

Chifukwa chomwe zithunzi zimafikira zitafooka

Apa ndi pomwe makomiti ambiri amagwa, ndiye tifotokoze mofatsa. Chithunzi chojambulidwa ndi foni yamakono chimalemera pakati pa 2 MB ndi 5 MB. Mukachitumiza pa WhatsApp mwa nthawi zonse, WhatsApp imachichepetsa kuti chiyende msanga, ndipo chimafika chili ndi ma KB mazana ochepa, nthawi zina osafika ndi 200 KB omwe. Pa foni kusiyanako sikuoneka, chifukwa sikirini ndi yaing'ono. Koma chikakulitsidwa pa wayilesi ya kanema kapena pakhoma la tchalitchi, nkhope zimasanduka timabokosi, ndipo mawu a pa chikwangwani sawerengeka. Zomwe zatayika sizibwereranso, wolumikiza kanema sangazikonze.

Njira yabwino ndi kutumiza chithunzi ngati Document. Pa foni ya Android, tsegulani macheza a munthu amene mukumutumizira, dinani kachizindikiro kopanira mapepala pafupi ndi polembera, sankhani Document, kenako pezani chithunzi kapena vidiyoyo. Chimapita chathunthu monga chinajambulidwira. Pamafoni ambiri palinso batani la HD, lomwe limaoneka pamwamba mukasankha chithunzi musanatumize. HD ndi yabwino kuposa kutumiza wamba, koma imachepetsabe. Kwa amene Document yawavuta, HD ilandiridwe.

Mungadziwe bwanji kuti munthu watsata malangizo? Chotumizidwa ngati Document chimafika chikuonetsa dzina la fayilo ndi kulemera kwake, mwachitsanzo 3.4 MB. Chikafika ngati chithunzi wamba chodzaza pa macheza, chachepetsedwa. Dzina la fayilo limaululanso zambiri. Yerekezani mayina awiriwa:

```
IMG_20190614_101522.jpg
IMG-20190614-WA0003.jpg
```

Loyambalo ndi la chithunzi chochokera mu kamera ya foni, chojambulidwa pa 14 Juni 2019. Lachiwirilo lili ndi zilembo WA, kusonyeza kuti chinadutsa kale mu WhatsApp, ndipo detilo ndi la tsiku lomwe chinatumizidwa kapena kulandiridwa, osati lomwe chinajambulidwa. Chithunzi cha WA ngakhale mutachitumiza ngati Document sichibwerera mphamvu, chifukwa chinachepetsedwa kale. Mukachiona, funsani kuti: "Anajambula ndani?" Mwina mwiniwake adakali nacho chenicheni. Mafoni ena amatchula mafayilo mosiyanako, koma WA ikakhalapo tanthauzo lake ndi lomwelo.

Zithunzi zojambula pa sikirini, zotengedwa pa Status kapena pa Facebook ndi zofooka kuposa zonse. Musazikane kotheratu, chifukwa nthawi zina chithunzi chokhacho cha denga loyamba la udzu chinatsala chotero. Wolumikiza kanema akhoza kuchionetsa chaching'ono pakati pa sikirini. Koma uthenga unene kuti choyambirira ndicho chikufunika. Nenaninso kuti asagwiritse ntchito View once, chifukwa chithunzi chotumizidwa motero chimatseguka kamodzi ndipo sichisungika.

Kutumiza chathunthu kumadya deta, ndipo komiti isabise zimenezi. Zithunzi zitatu ndi pafupifupi 10 MB, zomwe ambiri angakwanitse. Vidiyo ndiye yolemera. Masekondi 20 ojambulidwa pa 1080p amatha kulemera 30 MB mpaka 45 MB malinga ndi foni, ndipo pa 720p amapepukirapo. Mphindi zitatu za gule zimafika ma MB mazana angapo, ndipo pamalo pomwe netiweki imaduka-duka sizidzamaliza kupita. Musapemphenso anthu kuti aike zithunzi pa Google Drive ngati ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha ya Airtel kapena TNM, chifukwa bandulo yotero siyitsegula masamba ena. Munthu amene wagwira ntchito zaka zambiri osalipidwa si bwino kumuwonongetsanso ndalama. Ngati thumba la chikondwerero lilipo, patulani kandalama kobwezera deta ya anthu 8 olankhula aja, ndipo muwauze zimenezi.

Yankho lotsika mtengo kuposa onse ndi tsiku losonkhanitsa. Sankhani tsiku la msonkhano wa alezi, anthu abwere ndi mafoni, mamemore khadi ndi maalubamu. Zithunzi zimasamutsidwa kuchoka pa foni kupita pa ina ndi Xender kapena Bluetooth, kapena kupita pa laputopu ndi chingwe, popanda deta ndiponso popanda kuchepetsedwa. Tsiku lomwelo limathandiza alezi a mafoni a mabatani ndi akuluakulu omwe sali pa WhatsApp, ndipo nthawi zambiri ndi iwowo amene anayambitsa bungwe.

Chithunzi chopanda mawu n'chovuta kugwiritsa ntchito

Wolumikiza kanema nthawi zambiri ndi mnyamata wa pa tauni yemwe sanakhalepo mu 2015. Sangasiyanitse amene anapereka malo ndi mlendo wongodutsa. Choncho chithunzi chilichonse chibwere ndi zinthu zitatu: chaka, malo, ndi omwe akuoneka kapena chomwe chikuchitika. Mzere umodzi ndi wokwana, ndipo wosatha kulemba atumize mawu a pakamwa.

Ambiri adzanena kuti chaka achiiwala. Athandizeni ndi zochitika zomwe aliyense amakumbukira. Ngati anthu avala zotchinga pakamwa ndi pamphuno, ndi 2020 kapena 2021, nthawi ya Covid-19. M'maboma a kumwera, chithunzi cha khoma logwa chikhoza kukhala cha namondwe Ana mu Januwale 2022 kapena Freddy mu Malichi 2023, ndipo eni mudzi amadziwa kuti ndi uti anawagwetsera. Msinkhu wa mwana umathandizanso: mwana amene ali kumsana pachithunzi ngati pano ali Sitandade 3, werengani chobwerera. Chikalephereka, lembani "cha m'ma 2017". Kulemba chaka cholakwa motsimikiza kumadzetsa manong'onong'o m'holo, chifukwa pamakhala wina amene akukumbukira bwino.

Kujambula kavidiyo ka masekondi 20

Musapemphe aliyense kuti "anenepo mawu". Mudzalandira malonje ndi kuthokoza kwa mphindi ziwiri, zofanana kwa onse. Perekani funso limodzi lofuna nkhani: "Ndi tsiku liti pa ntchitoyi lomwe simudzaliiwala?" Munthu ayambe ndi dzina lake ndi chaka chomwe analowa, kenako ayankhe. Malonje aulemu adzanenedwa kamodzi ndi wapampando kumayambiriro kwa kanema, ndipo ndi bwino kuwauza anthu zimenezi kuti asadzione ngati achita mwano polumpha moni.

Foni igwiridwe chopingasa, chogona. Wayilesi ya kanema ndi purojekita ndi zotambalala m'mbali, ndiye vidiyo yojambulidwa choimika imasiya mdima waukulu kumanja ndi kumanzere, munthu n'kuoneka kakang'ono pakati. Galasi la kamera lipukutidwe ndi nsalu yofewa, chifukwa mafuta a m'manja ndi omwe amachititsa chifunga pa zithunzi zambiri. Kuwala kumenye kumaso kwa wolankhula, osati kumbuyo kwake. Munthu akakhala pakhomo kapena pawindo kunja kukuwala, nkhope imada bii. Mthunzi wa mtengo m'mawa kapena chakumadzulo ndi wabwino kuposa dzuwa la paliwombo.

Mawu ndi ofunika kuposa chithunzi. Anthu amapirira vidiyo yosaoneka bwino, koma yosamveka amayamba kucheza okha. Wojambula aime pafupi, mapazi awiri kapena atatu kuchokera kwa wolankhula, osati kukokera chithunzi ndi zala ali patali, chifukwa kukokera kumafooketsa chithunzi ndipo sikubweretsa mawu pafupi. Pewani mphepo, chigayo, wayilesi ndi msewu. Mukadina batani lojambulira, werengani chamumtima mpaka katatu munthu asanayambe, ndipo akamaliza werenganinso katatu musanazimitse. Timasekondi timeneti ndi pomwe wolumikiza amadulira popanda kudya mawu oyamba. Mukatha, mvetserani kaye musanatumize.

Zithunzi zochapa za mu alubamu zijambulidwe ndi foni pamthunzi wowala, fulashi itazimitsidwa. Zitulutseni m'pulasitiki, zigonekeni pa tebulo, foni ilunjike pamwamba pake mosapendama. Chithunzi chomwe chamamatira ku galasi la felemu musachikanganule, chimang'ambika. Chijambuleni chili momwemo, mutasuntha mpaka kunyezimira kutachoka. Alubamu ibwerere ndi mwiniwake tsiku lomwelo.

Chilolezo

Mwini foni si mwini nkhope zonse zili pachithunzi. Pa sukulu ya mkombaphala pafupifupi chithunzi chilichonse chili ndi ana, ndipo ku Malawi aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Chithunzi choonetsa bwino nkhope ya mwana chimafuna chilolezo cha kholo kapena womulera. Dziko lathu lilinso ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, Data Protection Act la 2024, ndipo chithunzi chomwe munthu angazindikirike nacho ndi mbali ya mbiri yotero.

Funsani zilolezo ziwiri mosiyana. Kuonetsa kanema pa bwalo la mudzi tsiku limodzi ndi nkhani ina, kumuika pa Facebook kapena YouTube ndi nkhani inanso, chifukwa kumeneko amakhala zaka ndipo aliyense akhoza kumukopera. Kholo likhoza kuvomera choyamba n'kukana chachiwiri, ndipo lili ndi ufulu wotero. Mlembi akhale ndi kope momwe alembe dzina, deti, ndi chomwe chavomerezedwa.

Zithunzi zina musazilandire ngakhale wotumiza atakakamira: mwana wosavala, mwana wodwala kapena wonyentchera akuyezedwa, banja likulandira thandizo ku maliro, kapena msonkhano wa gulu la anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV. Chithunzi chotero chimaulula zomwe mwini wake sanasankhe kuuza mudzi wonse. Za anzathu omwe anatisiya, funsani achibale kaye. Ambiri amakondwa kuti m'bale wawo wakumbukiridwa, koma asadzidzimuke naye pakhoma anthu atadzaza. Dziwaninso kuti chithunzi chotumizidwa ngati Document chimatha kunyamula malo enieni omwe chinajambulidwira, ngati foniyo inali yotchera kutero. N'chifukwa china chake mafayilowa ayenera kupita kwa munthu m'modzi, osati pa gulu.

Nyimbo nazo zili ndi eni ake. Kanema wokhala ndi nyimbo ya woimba wodziwika akaikidwa pa Facebook kapena YouTube, mawu akhoza kuzimitsidwa kapena kanemayo kutsekedwa. Za chilolezo cha nyimbo funsani ku COSOMA. Chosavuta ndi kujambula ana a sukuluyo kapena alezi akuimba nyimbo yomwe anapeka okha.

Uthenga wake

Zonse tafotokozazi ndi za mlembi ndi komiti. Sizingalowe zonse mu uthenga, chifukwa uthenga wautali anthu sauwerenga mpaka kumapeto. Uthenga uzikwana pa sikirini imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Nachi chitsanzo:

"Zikomo amayi ndi abambo, alezi athu akale ndi atsopano. Sukulu yathu ikukwanitsa zaka 10, ndipo tikukonza kanema wa mphindi 6 woti tidzaonere limodzi pa chikondwerero. Tikupempha aliyense zithunzi zitatu zokha zomwe mumazikonda, zoonetsa ntchito: kuphunzira pansi pa mtengo, kuumba njerwa, kufolera, kumunda, kuphika phala, ana otsazika. Zakale kwambiri ndiye zikufunikitsitsa.

Tumizani kwa ine pa nambala ino, osati pa gulu. Potumiza sankhani Document kuti chithunzi chisafooke. Pa chithunzi chilichonse lembani kapena nenani chaka, malo, ndi omwe alipo. Ngati pali nkhope ya mwana, tiuzeni kholo lake kuti tikapemphe chilolezo.

Tsiku lomaliza ndi Lachisanu pa 11 mwezi uno. Amene mulibe deta, kapena zithunzi zanu ndi zochapa, bwerani nazo Lachitatu pa 9 kusukulu, 2 koloko masana. Tidzakopera pomwepo, mudzabwerera nazo. Si zonse zidzalowe mu kanema, koma zonse tidzazisunga, ndipo aliyense wotumiza dzina lake lidzalembedwa kumapeto. Ndine mlembi wanu."

Onani kuti za timavidiyo mulibemo. Anthu 8 olankhula aja asankhidwe ndi komiti, posakaniza oyambitsa, atsopano, amayi, abambo ndi kholo limodzi, ndipo aliyense aimbiridwe foni kapena ayenderedwe. Mukatha kulankhula naye mutumizireni malangizo achidule: foni chopingasa, pamthunzi popanda phokoso, masekondi 20, funso lake ndi ili. Ngati alibe womujambula, ajambulidwe Lachitatu lomwelo. Kupempha vidiyo kwa onse 30 pomwe malo ndi a 8 kumakhumudwitsa 22, ndipo kusiyidwa kwa mawu a munthu kumawawa kuposa kusiyidwa kwa chithunzi.

Chiganizo chakuti "si zonse zidzalowe" musachichotse, ngakhale chikuoneka ngati chouma. Chimateteza komiti pa tsiku la chikondwerero. Lonjezo la mayina kumapeto nalo lisungidwe, ndipo mayinawo awerengedwe ndi anthu awiri, chifukwa dzina lolembedwa molakwa limakumbukiridwa kuposa kanema yense.

Kutumiza, kukumbutsa ndi kusunga

Werengani chobwerera kuchokera pa tsiku la chikondwerero. Wolumikiza amafuna milungu iwiri, komiti imafuna mlungu umodzi woonera ndi kukonza zolakwika, ndiye tsiku lomaliza likhale milungu itatu chikondwerero chisanafike, ndipo uthenga utuluke masiku 10 kapena 14 tsiku lomalizalo lisanakwane. Nthawi yaitali kuposa apa anthu amaiwala.

Ikani uthenga pa gulu, koma musadalire gulu lokha. Alezi akale ambiri anatulukamo kapena anasintha nambala. Ngati mukugwiritsa ntchito Broadcast, kumbukirani kuti umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Uthenga womwewo uwerengedwe pa msonkhano, ndipo wapampando aujambule ndi mawu ake kwa amene kuwerenga kumawavuta. Kumbutsani kawiri: pakati pa nthawiyo, ndi kutatsala masiku awiri. Chikumbutso chizinena chomwe chikusowa, monga "Za kumunda tili nazo zambiri, koma tilibe ngakhale chimodzi cha 2015 ndi 2016, nthawi ya pansi pa mtengo." Musatchule mayina a omwe sanatumize pa gulu.

Wolandira ayankhe aliyense kuti zafika, akatsegula n'kuona kuti fayilo ikutseguka. Azikopera tsiku lomwelo, chifukwa macheza ena amakhala otchera kuti mauthenga azifufutika okha, ndipo foni ikhoza kudzaza, kugwa m'madzi kapena kubedwa. Mafayilo asinthidwe mayina kuti chaka chikhale patsogolo, adzisanja okha motsatira zaka:

```
2016_kuumba-njerwa_01.jpg
2023_kukonza-denga_02.jpg
```

Sungani malo awiri, pa laputopu ndi pa fulashi kapena memore khadi yomwe ikhale ndi msungichuma. Kope la zilolezo lisungidwe pamodzi ndi fulashiyo. Popereka mafayilo kwa wolumikiza kanema, mupatseni okhawo omwe chilolezo chake chalembedwa, ndipo mugwirizane naye kuti ntchito ikatha afufute zonse pa kompyuta yake, abweze kanema womalizidwa m'mitundu iwiri: wathunthu woonetsa pa chikondwerero, ndi wopepuka wotumizira alezi pa WhatsApp. Ngati pali makolo amene anavomera zoonetsa pa bwalo pokha, wopepukayo atuluke wopanda zithunzi za ana awo.